Paipi yozungulitsa madzi otentha: kodi loji yaing'ono ikuifunadi?

M'miyezi ya Juni ndi Julaye, eni maloji a m'madera ozizira monga Dedza, Mzuzu ndi paphiri la Zomba amamva dandaulo limodzimodzi kuchokera kwa alendo ogona m'zipinda za kumapeto: atsegula shawa, aimirira mpaka kutopa, koma madzi akungotuluka ozizira. Giza ili bwinobwino, magetsi alipo. Pulambala akaitanidwa, nthawi zambiri amalangiza kuti aike paipi yobwezera madzi ku giza pamodzi ndi kapampu kakang'ono, kuti madzi otentha azingozungulira. Malangizowa ndi oona, ndipo mahotela akuluakulu amachita zomwezo. Funso ndi lakuti, kodi malo a zipinda khumi kapena khumi ndi ziwiri angapindule nazo, kapena angothetsa dandaulo la mlendo n'kudziputira bilu ya magetsi?

Tiyambe ndi chimene chimachedwetsa madziwo. Tiyerekeze loji ya zipinda 12 zondandalikana, giza imodzi yaikulu ili kumbali ya khitchini, ndipo chipinda chomaliza chili pa mtunda wa mamita 40. Paipi ya kopa ya mamilimita 22 imasunga pafupifupi lita imodzi pa mamita atatu alionse, choncho m'mamita 40 mumakhala malita 13 amene agonamo usiku wonse n'kuzizira. Shawa yotulutsa malita 8 pa mphindi iyenera kukankha madzi onsewa kaye. Komanso madzi otentha oyambirira amataya kutentha kwawo pofunditsa paipi yozizirayo, motero mlendo amataya malita 20 kapena kuposerapo, ndipo amadikira mphindi ziwiri kapena zitatu. Kwa munthu amene wavula kale m'bafa yozizira, imeneyi si nthawi yochepa.

Paipi yozungulira imathetsa vutoli mosavuta. Pamapeto pa paipi yopita ku zipinda amalumikizapo ina yocheperako, ya mamilimita 15, yobwerera ku giza. Pafupi ndi giza amaika pampu yokoka madzi pang'onopang'ono, ndipo madzi samaimanso m'njira kuti azizire. Otsala ozizira ndi a m'kapaipi kochoka pa paipi yaikulu kutsikira ku shawa basi. Kapaipi kameneka kakakhala ka mamita asanu, kamasunga madzi osakwana lita imodzi, ndipo mlendo amapeza madzi otentha pasanathe masekondi khumi kapena khumi ndi asanu.

Amene amaikira kumbuyo njirayi ali ndi mfundo zomveka. Mlendo amene wazizidwa kawirikawiri sakangana ndi munthu, amangolipira n'kupita, ulendo wina n'kukagona kwina. Palinso nkhani ya madzi. Chipinda chilichonse chikataya malita 20 m'mawa ndi madzulo, lojiyo ingataye malita 480 pa tsiku. Kunena zoona sizifika pamenepo, chifukwa woyamba kusamba amafunditsira anzake paipi, komabe pamalo podalira thanki yodzazidwa usiku kapena mjigo wopopedwa ndi magetsi, madzi ongolowa m'ngalande opanda ntchito amawawa.

Mbali inayo imabisala m'siling'i, ndipo sionekera pa kotesheni. Anthu ambiri amafunsa magetsi amene pampu imadya, akamva kuti ndi mawati 25 okha, mtima umakhala pansi. N'zoona, pampu yotere ikayenda usana ndi usiku sifika ngakhale yuniti imodzi. Chodya ndalama ndi paipiyo. Tsopano pali mamita 80 a paipi yotentha nthawi zonse, 40 opita ndi 40 obwerera, ndipo mita iliyonse ikutaya kutentha kumene giza iyenera kubwezeretsa. Paipi ya kopa yosakutidwa, yonyamula madzi a madigiri 60 pamalo a madigiri 20, imataya mawati a pakati pa 30 ndi 40 pa mita. Pa mamita 80 ndiye kuti mawati pafupifupi 2,800, chimodzimodzi mbaula yamagetsi ya mbale ziwiri yoiwalika ili choyaka m'denga. Pa tsiku ndi mayunitsi oposa 60.

Paipi yomweyo ikakutidwa bwino ndi chofunda cha thovu chochindikala mamilimita 19 mpaka 25, kutayako kumatsikira pa mawati 10 pa mita kapena kucheperapo. Ndi mawati 800, amene pa tsiku ndi mayunitsi 19. Kusiyana kwake n'kwakukulu, koma mayunitsi 19 si achabe. Popanda paipi yozungulira, malita 13 aja akazizira kamodzi amangotaya theka la yuniti n'kupitirira pang'ono, ndipo ngakhale atazizira kanayi pa tsiku safika mayunitsi atatu. Mwini loji atenge bilu yake ya madzi ndi mtengo wa yuniti, ayerekeze malita osakwana 500 ndi mayunitsi 16 owonjezera. M'malo ambiri adzapeza kuti madzi opulumutsidwawo sangalipire magetsiwo. Paipi yozungulira imagula chisangalalo cha mlendo, osati kutsika kwa mabilu, ndipo aliyense woigulitsa ngati njira yopulumutsira ndalama afunsidwe masamu ake.

Kwa odalira giza ya sola nkhaniyi imakula. Dzuwa likalowa, palibe chobwezeretsa kutentha kotayikako. Thanki ya malita 300 imene inali pa madigiri 60 madzulo, pampu ikazungulitsa madzi usiku wonse m'paipi yathu yokutidwa ija, pofika m'mawa imatsikira pafupi ndi madigiri 40, munthu asanasambeko n'komwe. Mlendo amalandiradi madzi mwachangu, koma ofunda chabe.

Apa ambiri amati yankho n'losavuta: pampu iziyaka nthawi yosamba yokha, mwachitsanzo kuyambira 5 koloko mpaka 9 koloko m'mawa, ndi 5 koloko madzulo mpaka 10 koloko usiku. Maola asanu ndi anayi amenewa amatsitsa mayunitsi aja kufika pa 8 kapena 9. Koma pali chiopsezo chimene sichiyenera kupeputsidwa. Tizilombo totchedwa lejonela timaswana m'madzi oima a madigiri a pakati pa 20 ndi 45, ndipo munthu amatitenga popuma timadontho ta madzi touluka m'shawa, n'kudwala chibayo choopsa, makamaka okalamba, osuta fodya ndi amene chitetezo cha m'thupi chinatsika. Matendawa anadziwika mu 1976 atagwira anthu amene anali pamsonkhano pa hotela ina mumzinda wa Philadelphia ku America. N'chifukwa chake malangizo a ku Britain amati madzi azisungidwa pa madigiri 60 ndipo azibwerera ku giza asanatsike pa 50, pomwe a ku Germany salola pampu yotere kuzimitsidwa maola oposa asanu ndi atatu pa tsiku. Paipi yozungulira imene imakhala yofunda maola ambiri ndi yoopsa kuposa kusakhala nayo, chifukwa yachulukitsa malo oswanirana tizilomboto. Chimodzimodzinso kutsitsa giza pa madigiri 45 pofuna kusunga mayunitsi. Koma poti madzi a madigiri 60 amawotcha khungu m'masekondi ochepa, pafupi ndi shawa pamafunika valavu yosakaniza madzi otentha ndi ozizira. Imeneyonso ndi ndalama.

Ngakhale mwini loji atavomera zonsezi, ntchitoyo ikhoza kulakwika m'manja mwa mmisiri, ndipo zolakwikazo zili ndi zizindikiro zake. Choyamba ndi kukula kwa pampu. Kuti madzi abwerere atatsika ndi madigiri asanu okha pamene paipi ikutaya mawati 800, pamangofunika pafupifupi malita awiri ndi theka pa mphindi. Pampu yaikulu imathamangitsa madzi mopitirira, ndipo pakapita zaka paipi ya kopa imadyeka m'makona n'kuyamba kudontha m'timabowo tonga ta singano. M'paipi yobwezera, liwiro lisapitirire kwenikweni theka la mita pa sekondi. Pampuyo ikhalenso ya mkuwa kapena ya chitsulo chosachita dzimbiri. Ya chitsulo wamba imadyedwa ndi mpweya wa m'madzi atsopano, ndipo madzi ofiirira pa mpopi ndiwo amaulula.

Chachiwiri ndi valavu yoletsa madzi kubwerera m'mbuyo. Ikasowa kapena ikafa, mlendo akatsegula shawa madzi ozizira a pansi pa giza amalowa m'paipi yobwezera chobwerera m'mbuyo n'kukasakanikirana ndi otentha. Shawa imayamba bwino, kenako n'kuzirala giza ili yodzaza ndi madzi otentha. Chachitatu chimaoneka pa loji ya mizere iwiri ya zipinda, wina waufupi wina wautali. Madzi amasankha njira yaifupi, ndipo mzere wautali umakhalabe wozizira pampu ikulira. Mankhwala ake si pampu yaikulu ayi, koma valavu pa paipi yobwezera ya mzere uliwonse, n'kupana ya mzere waufupi mpaka madzi a mizere yonse azibwerera otentha mofanana. Ndipo madzi akaleka kwa tsiku n'kubweranso, mpweya umatsekeka pamalo okwera a paipi. Pampu imatentha, imalira, koma paipi yobwezera imakhala yozizira mpaka mpweyawo utatulutsidwa. Kachipangizo koyezera kutentha koikidwa pa paipi yobwezera, pafupi ndi giza, kamaonetsa pafupifupi mavuto onsewa, bola wina azikawerenga sabata iliyonse.

Nanga palibe njira ina? Ilipo: magiza ang'onoang'ono, imodzi pa zipinda ziwiri kapena zitatu, yoikidwa pamwamba pa mabafawo. Paipi imafupika, kudikira kumatha, ndipo zipinda zikakhala zopanda alendo magiza ake amazimitsidwa, malinga akatenthetsedwa mpaka madigiri 60 ndi kutsukuluza mapaipi mlendo asanalowe. Kuipa kwake n'kwakuti kugula magiza asanu n'kodula, okonza amachuluka, ndipo onse akayaka pamodzi jenereta yaing'ono singawanyamule. Giza iliyonse imatayanso yuniti imodzi kapena mayunitsi awiri pa tsiku ikakhala choyaka.

Maganizo anga ndi akuti paipi yozungulira ndi yoyenera loji imene zipinda zake zili pansi pa denga limodzi, imene imadzaza masiku ambiri a sabata, ndipo ili ndi gwero limodzi lamphamvu lotenthetsera madzi usana ndi usiku. Loji ya tinyumba tomwazikana, kapena yodzaza Lachisanu ndi Loweruka lokha, ingamatenthetse mapaipi a zipinda zopanda anthu sabata yonse, ndipo magiza ang'onoang'ono angaitumikire bwino. Asanagamule, mwini loji apite m'chipinda chakutali kwambiri mbandakucha ndi ndowa ndi wotchi, ayeze malita ndi mphindi. Kudikira kukakhala kosapitirira theka la mphindi, angokuta mapaipi amene alipo. Kukafika mphindi ziwiri, aitane pulambala, koma kotesheni yopanda chofunda cha mapaipi onse, valavu yoletsa kubwerera, mavalavu olinganizira mizere ndi choyezera kutentha aibweze kuti ikalembedwenso.