Kuona maso a nkhono n'kudekha: werengani musanavomere ngongole ya pafoni

Abale anga a ku Mzimba, kale munthu akafuna ngongole ankayenda. Ankanyamuka ku Embangweni kapena ku Champhira m'mamawa, n'kukaima pamzere kuboma, ndipo ulendowo unkamupatsa mpata wosinkhasinkha. Ena ankabwerera panjira ataona kuti sangathe kudzabweza. Lero ngongole ili m'thumba la malaya. Pali Kutchova wa Airtel Money, pali ngongole ya TNM Mpamba, palinso maapu ena ambiri oika pafoni, ndipo chala chikangogunda kamodzi ndalama zalowa. Zinthuzi zathandiza ambiri, sindikuzinyoza ayi. Chondidetsa nkhawa n'chakuti mpata woganiza uja unachoka, ndipo tsopano munthu ayenera kudzipatsa yekha.

Mu Januwale, mwana wa mlongo wanga anandipeza pakhonde foni ili m'manja. Chimanga chake chinali chitafika m'mawondo, masamba atayamba chikasu, ndipo ndalama ya feteleza wobereketsa inali itaperewera. "Atsibweni," anatero, "apu iyi ikuti indipatsa K50,000 pompano. Chiwongoladzanja n'chochepa, 10 peresenti basi. Ndivomere?" Ndinamuuza kuti akhale pansi, abweretse pepala ndi pensulo, pakuti safunsa anadya phula, ndipo iye anachita bwino kufunsa.

Pagalasi la foniyo panali mizere yachingerezi, ina ya zilembo zikuluzikulu, ina yaing'ono ngati nyerere. Mzere woyamba unati Loan amount, K50,000, kutanthauza ngongole imene akulembereni. Pansi pake panali Processing fee, K2,500, imene ndi ndalama yolipira ntchito yokonza ngongoleyo, ndipo apu imeneyi imadula ndalamayi isanakupatseni kalikonse. Choncho m'foni mwake mukanalowa K47,500 yokha. Mnyamatayo anadzidzimuka, chifukwa m'mutu mwake anali atawerengera kale K50,000 yathunthu kwa wogulitsa feteleza. Funso loyamba ndi limeneli nthawi zonse: kodi m'manja mwanga mufika zingati?

Kenaka tinaona Interest, ndicho chiwongoladzanja, K5,000, ndi Total repayment, ndalama zonse zobweza, K55,000. Onani bwino apa, abale anga. Chiwongoladzanja achiwerengera pa K50,000, ngakhale munthu sanaigwire yonse. Ndinamuuza achotse zimene alandire pa zimene adzabweze. K55,000 kuchotsapo K47,500 inatsala K7,500. Umenewo ndiwo mtengo weniweni wa ngongoleyo, ndipo ndi pafupifupi K16 pa K100 iliyonse imene akanaigwira, osati K10 imene inalembedwa mooneka patali. Palibe amene anamunamiza, zonse zinali pagalasi pomwepo, koma maso amathamangira nambala yokoma. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chinanso chimene ambiri sachifunsa n'chakuti 10 peresentiyo ndi ya nthawi yaitali bwanji. Ya mnyamatayu inali ya masiku 30. Mabanki akamatchula chiwongoladzanja chawo kawirikawiri amanena cha pachaka, ndiye munthu akamva 10 amaganiza kuti wapeza zotchipa kuposa kubanki. Koma amene angatenge ngongole yotereyi mwezi ndi mwezi, pomatha chaka adzakhala atalipira K90,000 chifukwa chogwiritsa ntchito K47,500 ya eni ake. Nambala yopanda nthawi yake ili ngati mtengo wa nyemba wosatchula kukula kwa mbale yoyezera.

Koma mzere umene ndinakhalitsapo ndi wa Due date, tsiku lobweza. Tinali pa 10 Januwale, ndipo tsikulo linali 9 Febuluwale. Ndinamufunsa kuti, "Mphwanga, pa 9 Febuluwale ndalama idzachokera kuti?" Anati m'munda. Tonse tikudziwa kuti kuno mu Febuluwale chimanga chimakhala chikungomasula ngayaye, nkhokwe zili pululu, fodya sanapite ku okushoni ku Mzuzu. Chimanga chimene akufuna kuchithira fetelezacho sichingamupatse tambala mpaka Meyi kapena Juni. Ngongole ya mwezi umodzi singadikire munda wa miyezi isanu.

Ndiye anati mkulu wake wa ku Joni anamulonjeza kuti atumiza kangachepe kutha kwa Febuluwale. Tinatsikira ku tizilembo ta pansi, pamene panalembedwa Late payment penalty, chindapusa cha wochedwa, K500 tsiku lililonse. Kuchokera pa 9 mpaka pa 28 Febuluwale ndi masiku 19, ndiye kuti K9,500 yowonjezera. Ngongole ija ikanafika K64,500, ndipo mtengo wake K17,000, kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama imene analandira. Apo n'kuti mkulu wakeyo atasunga lonjezo, ndipo ife a ku Mzimba tikudziwa kuti ntchito za ku Joni zimatha mwadzidzidzi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Panalinso mawu onena kuti tsiku likakwana, adzadzitengera okha ndalama iliyonse yolowa mu akaunti ya pafoni. Kumbukirani zimenezi. Ku banki m'khonde mukhoza kukaonekera pamaso pa anzanu, n'kufotokoza za maliro kapena matenda, iwo n'kukumverani chisoni. Makina samva pepani. Ndalama imene mwana watumiza kuti mugule ufa kapena mankhwala ikhoza kulowa usiku, pofika m'mawa yapita kungongole. Ndipo dzina la wosabweza likhoza kukalembedwa ku mabungwe osunga mbiri ya anthu angongole, moti mawa mukadzafuna ngongole yaikulu kubanki, khomo lidzakhala lolimba.

Sindikunena kuti ngongole yotereyi ndi yoipa kwa aliyense. Taganizani za mayi wa geni pa Jenda, amene amapikula tomato ndi anyezi n'kugulitsa kwa apaulendo pamsewu wa M1. Ndalama yake imazungulira pa masiku owerengeka. Ngati akudziwa kuti K47,500 imubweretsera phindu loposa K7,500 tsiku lobweza lisanafike, ndipo wasiyako malo a tomato woola ndi masiku a mvula opanda ogula, iye akhoza kuvomera mtima uli m'malo. Mizere ya pagalasi ndi yomweyo, koma kwa mayiyu tsiku lobweza likugwirizana ndi tsiku limene ndalama imabwera, pamene kwa mlimi uja silikugwirizana.

Mphwanga uja sanagunde Accept tsiku limenelo. Anagulitsa mbuzi imodzi, nagula feteleza wocheperako, nathira mbali ya munda imene inkaoneka bwino. Zinamuwawa, pakuti mbuzi sigulitsidwa mosekerera, koma ndalama ya mkulu wake itafika inagula ufa wa ana.

Choncho ana anga, batani lija silithawa. Lembani papepala zinthu zitatu: zimene zilowe m'manja mwanu, zonse zimene mudzabweze, ndi tsiku lake pamodzi ndi kumene ndalamayo idzachokere. Apu ikabisa chimodzi mwa izi mpaka mutavomera, itsekeni, ndipo musabwereke kwa amene simungathe kutsimikiza kuti ali ndi chilolezo cha Reserve Bank of Malawi. Ngati Chingerezi chikukuvutani, musachite manyazi, itanani mwana wa sukulu kapena mnzanu wokhulupirika akuwerengereni mzere ndi mzere, koma nambala yanu yachinsinsi ikhale yanu nokha. Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Ine ndakutsinani khutu monga mnansi wanu, ndipo pa mvula ikubwerayi, njala ikadzagogoda ndi foni ikadzayamba kukunyengererani, mudzakumbukire kuti mawu a akuluakulu akoma akagonera.