Musathamangire kuyeretsa tsamba musanaliwongole

Amene amasikana mabuku akale a mpingo, makalata a malo kapena mapepala a mayeso amadziwa mmene PDF yoyamba imatulukira: mizere yotsetsereka, pepala lotuwa, ndi mdima pafupi ndi msana wa buku. Ambiri akaona zimenezi amasankha `Black & White` pa sikana pomwepo kuti tsamba liyere. Ine ndimaletsa zimenezo, chifukwa chimene makina afafaniza pamenepo sichibwereranso. Sikanani pa `Grayscale` ndi 300 dpi, ndipo mafayilo oyambawo muwasunge padera osawakhudza.

Yambani ndi kupendama. Digiri imodzi imamveka yaing'ono, koma mzere wa masentimita 16 ukapendama chotero, mapeto ake amatsika pafupifupi mamilimita atatu, pafupifupi msinkhu wa chilembo. Diso limatopa, nayo pulogalamu yozindikira zilembo monga Tesseract imayamba kulakwitsa kupendamako kukamakula. Kuwongola kuchitike chithunzi chikadali chotuwa. Mukatembenuza tsamba lokhala ndi madontho akuda ndi oyera okha, m'mbali mwa zilembo mumatuluka timano ngati ta sowo, pamene m'chithunzi chotuwa madontho apakatikati amasalaza malowo.

Musanawongole, dulani kaye mkombero wakuda umene umabwera chivundikiro cha sikana chikapanda kutsekeka bwino, poti ungathe kusokoneza pulogalamu poyeza kupendama. Ngati munasikana buku lotambasula, patulani masamba awiriwo, chifukwa kawirikawiri lililonse limapendama mwa njira yake. N'chifukwa chake ScanTailor imaika `Split Pages` patsogolo pa `Deskew`. Amene ali ndi ImageMagick angalembe motere:

```
magick 001.png -background white -deskew 40% +repage w001.png
```

Mawu oti `-background white` musawasiye, ndi amene amaonetsetsa kuti ngodya zotsala potembenuza zikhale zoyera. Dziwaninso kuti lamuloli limangotembenuza tsamba lonse. Mizere yopindika pafupi ndi msana wa buku lonenepa siliwongola. Pamenepo kanikizani buku bwino ndi kusikananso.

Nkhani yaikulu ili pa mdima. M'chithunzi chotuwa dontho lililonse lili ndi nambala, kuyambira 0 (kuda bii) kufika 255 (kuyera mbuu). Tiyerekeze tsamba limene pepala lake lili pa 200 kunjaku, koma pamsana, pomwe pali mthunzi, latsika kufika 110. Inki ya pamsanapo ili pa 40, pamene mawu ozilala a pakati pa tsamba ali pa 120. Mukaika malire amodzi pa 128, kuti chilichonse chotsika apo chide, pepala la pamsana limada lonse ndi kumeza mawu. Mukatsitsa malire kufika 100 kuti mupulumutse msana, mawu ozilala aja amasowa. Palibe nambala imodzi imene ingathandize malo onse awiri, ndipo apa m'pamene anthu amataya nthawi yambiri akukweza ndi kutsitsa.

Njira yake ndi kuyamba mwafananitsa kuwala kwa pepala. Mumapanga chithunzi chachiwiri cha tsamba lomwelo, chosalazidwa kwambiri mpaka zilembo zitasungunuka ndi kutsala kuwala kwa pepala kokha, kenaka mumagawa nambala za choyamba ndi za chachiwiri:

```
magick w001.png \( +clone -blur 0x20 \) -compose Divide_Src -composite y001.png
```

Pamsana, 110 kugawa ndi 110 ndi 1, kutanthauza kuyera. Inki ya 40 kugawa ndi 110 ndi 0.36, yakudabe. Mawu ozilala, 120 kugawa ndi 200, ali pa 0.6, osiyana bwino ndi pepala. Tsopano malire amodzi angagwire tsamba lonse. Koma njirayi imawononga zithunzi ndi mitu ya zilembo zonenepa, poti malo akuda aakulu amaoneka ngati pepala ndipo amayera pakati. Masamba otere asiyeni otuwa. Tsamba lokhala ndi chidindo kapena siginecha ya inki ya buluu lisikanidwe ndi mitundu yake.

Chimene ndimaopa kwambiri pa zolemba za Chichewa ndi `Despeckle`, yochotsa timadontho ta fumbi. Kwa makina, kachizindikiro ka mu ng'ombe kapena m'nyumba, ndi kadenga ka pa ŵ m'mabuku amene amalemba Malaŵi, n'kofanana ndi fumbi. Iikeni motsika, kenaka kulitsani masamba angapo ozilala kwambiri ndi kufufuza tizizindikiro timeneti timodzitimodzi. Tikasowa, bwererani ku fayilo yotuwa ija.

PDF imabwera pomaliza. Mafayilo onse akhale ndi mayina monga y001 ndi y002 kuti tsamba 10 lisadumphire patsogolo pa tsamba 2, ndipo `img2pdf y*.png -o buku.pdf` imawasonkhanitsa popanda kuchepetsa ubwino wa zithunzi.