Musagule tivi ndi maso cabe, werengani nambala ya kumbuyo

Mwezi ukatha, m'minibasi za ku Matero, Chawama ndi Kanyama simusowa munthu wofungatira katoni ya tivi. Koma ambiri amagula ndi maso cabe. Wogulitsa akati "iyi ni simati, bwana, ili na vonse," ndalama zatuluka. Kufika kunyumba, nthambo ya dikoda ilibe polowera.

Ife tikuti: pakamwa pa wogulitsa si umboni. Umboni ndi nambala ya mtundu wa tiviyo, yolembedwa pa sitika ya kumbuyo pamene pali mau akuti Model.

Titenge ya Samsung yolembedwa UA43T5300. Nambala 43 ndi ukulu wa galasi, mainchesi 43 kucokera pa kona ya pansi kufika pa kona ya pamwamba ya mbali inayo. Cilembo T cikutanthauza mtundu wa caka ca 2020. Manje iyerekezeni ndi UA43TU7000. Ukulu ndi caka n'zimodzi, koma U wotsatira T uja akusonyeza kuti iyi ndi ya 4K. Yoyambayo si ya 4K. Kampani iliyonse ili ndi kalembedwe kake, conco musawerenge Hisense monga Samsung.

Nambala imeneyi ifanane m'malo atatu: pa katoni, pa sitika, ndi mkati mwa tivi. Uzani wogulitsa ayatse. Pa Samsung pitani ku Settings, Support, About This TV. Ngati zasiyana, bwezani ndalama m'thumba.

Cotsatira ndi kabuku ka malangizo. Pezani mzere wa Resolution. 4K yeniyeni ndi 3840 x 2160. 1920 x 1080 ndi Full HD. 1366 x 768 ndi HD wamba, olo katoni ifuule bwanji. Cenjeraninso: kabuku kamodzi nthawi zambiri kamakamba za mitundu ingapo, ndiye cithunzi cingaonetse mabowo amene tivi yanu ilibe. Tembenuzani tivi muwerenge mweka.

Muli ndi dikoda ndi gemu ya ana? Pafunika mabowo awiri a HDMI. Mukadzagula sipika ija yaitali, nayonso ifuna bowo lake lolembedwa ARC, akhala atatu. Ngati dikoda yanu ndi yakale, ya nthambo yacikasu, yoyera ndi yofiira, funani mabowo a AV; mativi ambiri atsopano alibe.

Kwa ogulitsa, pempho lathu ndi limodzi: lolani wogula aone kumbuyo, ndipo lembani nambala yonse pa lisiti. Lisiti yongoti "TV 43" siithandiza kweni-kweni mukapita kukadandaula ku CCPC, bungwe loteteza ogula. Amene akana kutembenuza tivi, pali cimene akubisa. Shopu ina ili pafupi.