Thiraki ndiyo inalankhula, osati mayi wa nthochi

Sabata yatha mnzanga wina ananditumizira vidiyo ya mayi wogulitsa nthochi ku Nyimba, m'mphepete mwa msewu wa Great East. Chithunzi chinali chowala, nthochi zachikasu mbee! Mtolankhani anafunsa chifukwa chake mitengo yakwera. Mayiyo atangotsegula pakamwa, thiraki yopita ku Chipata inadutsa, kenako basi inaliza hutala. Ndinaona milomo ikugwedera koma yankho silinandifike, ndipo ndinatseka vidiyoyo. Nanunso mukanatseka.

Achinyamata athu ojambula ku Petauke ndi ku Nyimba amakonda kudandaula kuti anthu a masiku ano sapirira. Ayi ndithu. Munthu wagula bando ndi ndalama ya ndiwo, ndiye azikhala akutchera khutu ku injini? Maso amakhululuka chithunzi chosawala, koma khutu likatopa chala chimapita kwina.

Umboni uli m'manja mwanu momwemo. YouTube Studio ndi Facebook amaonetsa mzere wa owonera amene atsala pa sekondi iliyonse. Kutsika kwa pachiyambi kusakudetseni nkhawa, vidiyo iliyonse imataya anthu ongodutsa. Funani malo a pakati pamene mzere wagwa mwadzidzidzi. Ngati wagwa pa 1:20, bwererani pa 1:10, tsinzinani, mumvetsere pa sipika ya foni wamba, chifukwa ndiyo owonera anu ali nayo. Mukalephera kubwereza zimene wofunsidwa wanena, vuto ndi phokoso. Mukamva zonse bwinobwino, musanamizire thiraki: funso lanu ndilo linali lozizira.

Nkhani yagona pa mtunda. Mawu a munthu wolankhula bwinobwino amakhala pafupifupi madesibelo 60 pa mita imodzi, ndipo panja amatsika ndi madesibelo 6 mtunda ukawirikiza kawiri. Wojambula akaima mamita awiri kuti nthochi zonse zilowe m'chithunzi, foni imalandira 54 okha. Tiyerekeze kuti msewu ukusokosa pa 70. Mayi uja wamira kale. Zoyamba kutayika ndi timawu tofewa monga s, f ndi th, n'chifukwa chake timamva kuti munthu akulankhula koma osatola kanthu.

Tsopano fikitsani maikolofoni pa masentimita 25 kuchokera pakamwa. Mwadula mtunda pakati katatu, mawu akwera kufika pa 72. Ndiye mum'pemphe mayiyo kuti mupite kuseri kwa sitolo, khoma likutchingireni msewu. Phokoso likatsika kufika pa 60, mawu ali pamwamba ndi madesibelo 12, ndipo wowonera sakulimbananso ndi chilichonse. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Mawu amene simunawagwire pafupi ndi pakamwa si anu. Ngati mulibe kamaikolofoni kopana pa kolala, ka pa mahedifoni a waya kangathandize, kapena foni yachiwiri yongojambula mawu. Ombani m'manja kamodzi poyamba kuti musavutike kugwirizanitsa mawu ndi chithunzi.

Phokoso silifanana. Kulira kosasintha kwa chigayo kapena jenereta, amene anachuluka m'misika m'chaka cha chilala cha 2024, kungachepetsedweko pokonza vidiyo, ngakhale mukapitirira muyeso mawu amamveka ngati a munthu wolankhulira m'madzi. Koma mphepo ya mu Ogasiti yowomba pa maikolofoni, kapena anthu ena olankhula pambali, zimenezo zikalowa zalowa.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti phokoso lina timaliika dala. Agogo a ku Petauke akufotokoza m'Chinsenga za mwambo wa Tuwimba wa mfumu Kalindawalo, wokonza vidiyo n'kuthira nyimbo pansi pa mawu awo, nyimbo yoimba mawunso! Mdzukulu wokulira ku Lusaka, amene Chinsenga amachimva mwa apo ndi apo, agonja pa mphindi yoyamba. Ndipo wonyozeka si wojambula. Mu 2018 akatswiri Eryn Newman ndi Norbert Schwarz anapeza kuti mawu akamamveka moipa, omvera amaona wasayansi wolankhulayo ngati wochepa nzeru, ngakhale zonena zake zili zomwezo. Ngati zinatero ndi asayansi, nanga mlimi wa nsawa wa kwathu?

Inu ojambula, musanakanikize batani, imani chete kwa kanthawi mumve zimene malowo akunena. Valani mahedifoni, sendezani maikolofoni, thiraki ikamabwera dikirani ndi kufunsanso funsolo. Munthu amene wasiya malonda ake kuti akuyankheni ayenera kumveka.