Sabata yachitatu ya kapisozi: chimene chikuchitika m'mutu pamene mukuona ngati palibe chikusintha

Anthu ambiri amene apatsidwa mankhwala a matenda ovutika maganizo, aja ena amangoti dipuleshoni, amawasiya sabata yoyamba kapena yachiwiri. Chifukwa chake n'chomveka. Tinazolowera panado, amene ukamwa m'mawa mutu umakhala utaleka dzuwa lisanafike paliwombo. Tsono munthu ukamwa kapisozi masiku 10, mtima n'kukhala uli wolemera chomwecho, kuwonjezanso nseru ndi kusowa tulo, umangoti basi, awa ndiye ayi.

Matendawa si achilendo kuno kwathu. Kafukufuku amene Robert Stewart ndi anzake anachita pakati pa amayi oyembekezera pa chipatala cha boma cha Mangochi, amene anafalitsidwa mu 2014, anapeza kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa 10 alionse anali ndi matendawa pamlingo waukulu. Mankhwala awiri amene madokotala m'Malawi muno amalemba kawirikawiri ndi amitiriputilini ndi fulokisetini. Lero tione wachiwiriyu, yemwe ku Amereka anavomerezedwa mu 1987.

Tiyerekeze mnyamata wa zaka 24 wa ku Katuli, wa kabaza wa njinga yamoto. Kwa miyezi iwiri sakudya bwino, mpira sukumusangalatsanso, amadzuka 3 koloko usiku n'kumangodziona ngati wachabechabe. Dokotala wamulembera fulokisetini wa mamiligalamu 20, kapisozi mmodzi m'mawa uliwonse.

Maselo a ubongo sagundana. Pakati pa selo limodzi ndi linzake pali kampata kakang'ono zedi, ndipo uthenga umawoloka pamenepo ndi timadzi tapadera. Kamodzi mwa timadziti ndi serotonini. Maselo amene amamupanga ali pagulu kutsinde kwa ubongo, cha kunkhongo kuno, koma nthambi zake zimafika kutali, kumbali zimene zimaona za tulo, njala, mantha ndi mmene munthu akumvera mumtima. Selo likatulutsa serotonini m'kampata kaja, iye amakakhudza selo la kutsidya, kenako selo lomwe linamutulutsa limamuyamwanso kudzera pa timapampu take kuti lidzamugwiritsenso ntchito. Fulokisetini amatseka timapampu timeneti. Serotonini amakhalitsa m'kampata, uthenga n'kumamveka nthawi yotalikirapo.

Kutsekako sikuchedwa, kumayamba tsiku lomwelo. Ndiye n'chifukwa chiyani mnyamata wathu sakuchira Lachiwiri ngati anayamba kumwa Lolemba?

Yankho lina lili pa mabuleki. Selo lopanga serotonini lili ndi timakutu take, totchedwa 5-HT1A, timene timamvetsera kuchuluka kwa serotonini pafupi nalo. Akachuluka, timakututi timauza selo kuti lichepetse moto. Choncho masiku oyambirira mankhwala aja amachulukitsa serotonini kutsinde kwa ubongo, selo n'kugwira buleki, ndipo kumapeto kwa nthambi zake kumafika wochepa kusiyana ndi mmene tikanayembekezera. Wa kabaza akuzidziwa izi: ungapotokole mafuta bwanji, ngati phazi lili pabuleki njinga sithamanga. Koma timakutu tija tikamangomva phokoso lomwelo tsiku ndi tsiku, timayamba kugontha. Pakatha masabata awiri kapena atatu buleki imafooka, selo limabwerera pa liwiro lake, pamene timapampu tidakali totseka. Apa m'pamene uthenga wa serotonini umakuladi.

Sizithera pomwepo. Maselo olandira uthenga nawonso amasintha pang'onopang'ono, amalimbitsa malumikizano ena n'kupanga atsopano, ndipo ntchito yomanga ngati imeneyi imafuna masabata. Catherine Harmer ndi anzake ku yunivesite ya Oxford anaonetsanso chinthu chochititsa chidwi: patangopita masiku ochepa munthu atayamba mankhwala a mtunduwu, mmene amawerengera nkhope za anthu mumayamba kusintha, saonanso mkwiyo ndi kunyozedwa paliponse, ngakhale iye mwini akunena kuti sakumva kusiyana. Kuti mtima upepuke pamafunika kuti akumane ndi anthu kambirimbiri ali ndi maso atsopanowo. Ine ndimaona kuti apa m'pamene achibale amalakwitsa, kumusiya wodwala m'nyumba yekha kuti mankhwala agwire kaye. Mnyamata uja akapita pasiteji, kasitomala n'kumudandaula za mtengo iye osakuona ngati chipongwe, imeneyo ndi mbali ya kuchira kwake.

Nanga nseru ija? Serotonini wochuluka m'thupi, pafupifupi magawo 90 pa 100 alionse, ali m'matumbo osati m'mutu. Kumenekonso kuli timapampu, ndipo mankhwala satisankha. N'chifukwa chake zovuta zimabwera msanga, phindu n'kubwera mochedwa. Kawirikawiri nseru ndi kutsegula m'mimba zimazilala pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo kumwa kapisozi utadya kumathandiza. Vuto limene limakonda kukhalitsa ndi la kuchipinda, chilakolako kuchepa kapena kuchedwa kumaliza. Ambiri amachita manyazi kunena, amangosiya mankhwala mwakachetechete. Nenani, dokotala sadzadabwa.

Kalendala ya mnyamata wathu ikhoza kuyenda chonchi. Sabata yoyamba nseru ndi kamtima kothamanga. Yachiwiri kapena yachitatu mkazi wake aona kuti nsima akuimaliza ndipo wayambanso kusamba osakakamizidwa, ngakhale mwiniwake akuti palibe chasintha. Pakati pa sabata yachinayi ndi yachisanu ndi chimodzi m'pamene dokotala angaweruze bwino ngati mankhwalawa akugwira. Ngati pofika pamenepo palibe kusintha kulikonse, si nkhani yongopirira, abwerere kuti aone zokweza mlingo kapena kusintha mtundu, chifukwa sagwira kwa aliyense. Ngati agwira, apitirize kumwa kwa miyezi yosachepera 6 atayamba kupeza bwino. Kusiya msanga kumabweza matenda kwa anthu ambiri.

Fulokisetini amachedwa kutuluka m'thupi, amatha masiku angapo, ndipo chimene chiwindi chimamusandutsa chimakhalitsa kuposa pamenepo. Kuiwala kapisozi tsiku limodzi si tsoka, ndipo musamwe awiri mawa lake. Kwa abale athu amene amasala m'mwezi wa Ramadani, kapisozi wa kamodzi patsiku akhoza kumwedwa pa chakudya cha m'bandakucha, mutagwirizana ndi dokotala.

Pali zitatu zosadikira tsiku la sikelo. Kwa anthu osakwana zaka 25, masabata oyambirira maganizo ofuna kudzipha amatha kukula, makamaka ngati munthu akusowa mtendere moti sangakhale pansi. Apite kuchipatala tsiku lomwelo, wina amuperekeze. Chachiwiri, ngati wayamba kugona maola awiri okha koma osatopa, kulankhula mosalekeza, kumwaza ndalama, kumeneko si kuchira. Akhoza kukhala ndi matenda ena a kusinthasintha kwa maganizo amene mankhwalawa awadzutsa. Chachitatu ndi tiramado, amene anyamata ena amagula pamsika kuti agwire ntchito osatopa. Nayenso amakweza serotonini, ndipo kuphatikiza awiriwa kungabweretse kunjenjemera, thukuta, kutentha thupi, kusokonezeka mutu, ngakhale kukomoka.

Mwina mwaonapo pa foni nkhani yoti asayansi anapeza kuti serotonini ndi bodza. Imachokera pa kafukufuku wa mu 2022 wa Joanna Moncrieff ndi anzake ku London, amene anati palibe umboni wokhazikika woti matendawa amayamba chifukwa cha kuchepa kwa serotonini. Pamenepo ali ndi mfundo, ndipo palibe amene angakuyezeni magazi n'kukuuzani kuti wanu waperewera. Koma funso loti matenda amayamba bwanji ndi losiyana ndi loti mankhwala amathandiza kapena ayi. Panado amaletsa mutu, komatu mutu suwawa chifukwa choti m'thupi mwasowa panado. Pa funso lachiwirili, kafukufuku wamkulu wa mu 2018 amene anasonkhanitsa mayeso 522 anapeza kuti mankhwala onse 21 amene anaunikidwa, kuphatikizapo awiri athu aja, anathandiza kuposa mapiritsi opanda mankhwala, ngakhale kusiyana kwake sikunali kwakukulu kwambiri.