Ndalama za ku Joni: musangowerenga marandi

Ophunzira amene mukulemba chimangirizo cha mabanja omwe wina ali kunja, timvereni kaye. Ambiri mukafika kuno ku Area 36 mumafunsa funso limodzi: "Amatumiza zingati pamwezi?" Mukatero mumakalemba kuti ndalama za ku Joni zikutukula mabanja, basi nkhani yatha. Ife tikuti funso limenelo ndi loperewera. Tsatirani ndalamayo mpaka mudziwe dzanja limene yagweramo.

Tiyerekeze kuti bambo wina ali ku Joni ndipo watumiza marandi 1,500 pa Mukuru. Dzina la wolandira ndi la ndani? M'mabanja ena si la mkazi wake ayi, ndi la achimwene ake kapena la mayi ake. Alamu aja amapatula za simenti ya nyumba imene ikumangidwa kumudzi, amapatulanso za feteleza, kenako mkazi amapatsidwa zotsala kuti alipire lendi, fizi ndi ufa. Pa pepala lanu banjali lalandira 1,500. M'khitchini mwafika mwina 400, ndipo nyumba ijayo ili pa malo a kuchimuna. Ukwati ukatha, mayiyu atuluka ndi chiyani? Ndime yanu yaikulu ikhale pamenepo: wolandira ndani, wolamula ndani, ndipo katundu wogulidwayo ndi wa ndani.

Fufuzaninso ntchito imene siilipidwa. Mayi akapita ku Joni kapena ku Omani kukalera ana a eni, ana ake amatsala ndi agogo, kapena ndi mwana wamkazi wamkulu amene amayamba kujomba kusukulu. Arlie Hochschild anafotokoza zimenezi m'chaka cha 2000 ngati unyolo wa chisamaliro wodutsa malire a mayiko. Unyolowu umathera pa mtsikana wa fomu 2, ndiye mulembeni.

Samalani ndi manambala. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, moti marandi omwewo anayamba kubala makwacha ambiri, koma shuga ndi mafuta ophikira zinakweranso. Mukayerekeza zaka ziwiri, funsani kuti ndalamayo inagula matumba angati a chimanga. Komanso zimene zimabwera m'thumba la dalaivala wa basi, kaya mabulangete ndi mafoni, sizilowa m'mabuku a banki.

Mbiri ikhale yachidule. Agogo athu ankapita kumigodi kudzera ku Wenela mpaka 1974, pamene ndege inagwa ku Francistown ndipo Kamuzu anaimitsa ulendowo. Mawu oti "matchona" si atsopano, choncho banja limene linasiya kulandira nalonso lilowe m'chimangirizo chanu.

Pofunsa, mayi mucheze naye payekha, apongozi asakhalepo. Dzina lake ndi la mwamuna wake musalembe, chifukwa ena kumeneko alibe mapepala, ndipo akagwidwa amakatsekeredwa ku Lindela podikira kubwezedwa.