ZA MASIKU ANO: Msoko wa Chithunzi Chonama

Mwezi uno tikambirane za zithunzi zimene zifika m'lamya zanu za m'manja. Kale munthu akaonetsa chithunzi, mlandu unkathera pomwepo, pakuti tinkati galasi la wojambula silinama. Lero sizitero ai. Kuli makina a nzeru zochita kupanga, amene awatcha AI, okhoza kubvula munthu pa chithunzi malaya ache ndi kumbveka ena amene sanawakhudzepo chibadwire. Nkhope ikhala yache ndithu, malo akhala omwewo, koma chobvala nchabodza.

Musayese kuti ndi nthano. M'mwezi wa Januwale 2024 nyumba ya wailesi ya kanema yochedwa Nine News, ku Australia, inaonetsa chithunzi cha mai Georgie Purcell, phungu wa nyumba ya malamulo ya chigawo cha Victoria. Iwo anajambulitsa atabvala diresi loyera lathunthu, koma pa kanema diresilo linaoneka lodulidwa pakati, mimba iri pamtunda. Eni nyumbayo anapepesa, nanena kuti anatero ndi makina a Photoshop. Ngati zinagwera munthu womveka chotero, nanga mai wa kumudzi adzamtchinjiriza ndani? Chifukwa chache tiphunzire kupenya.

Poyamba timvetse magwiridwe a nchitoyi. Lingalirani telala amene adula nsaru yong'ambika naikapo chigamba. Makina ambiri achita chimodzimodzi: alemba malire kuzungulira chobvala chakale, afafaniza zonse za mkati mwa malirewo, ndipo ajambulamo zatsopano mongoganizira. Pakati pa chigamba pakhala posalala bwino, ndipo amene ayang'ana pamenepo sapeza kanthu. Cholakwa chibisala pa msoko, pomwe chatsopano chikomana ndi chakale. Tsono chobvala chikomana ndi thupi pa malo atatu: pakhosi, pa manja, ndi pomwe tsitsi kapena duku ligwera pa mapewa. Kumeneko ndiko kopenya.

Tiyerekeze mlandu, kuti mau athu asakhale a m'mwamba. Mai wina wa m'mudzi mwanu anajambulidwa pa msika wa ku Mwanza, atanyamula beseni la manachesi pamimba, atabvala bulauzi ya manja atali ndi chitenje, duku kumutu, ndi kachingwe ka mendulo m'khosi. Mwamuna wache ali ku Joni. Tsiku lina mwamunayo alandira chithunzi cha mkazi wache atabvala kadiresi kakafupi kopanda manja, mapewa ali poyera, pamodzi ndi mau akuti taona zimene achita mkazi wako iwe kulibe. Mtima umpsa, atumiza chithunzicho kwa ankhoswe. Kodi ankhoswewo achite chiani asanaitane maiyo?

Atenge lamya ya galasi lalikulu ndi loyera, akhale pamthunzi, aike zala ziwiri pa chithunzi ndi kuzitambasula kuti chikule. Asakulitse mopitirira, pakuti chithunzi chiri chonse chikakulitsidwa kwambiri chisanduka timabwalo topanda tanthauzo. Kukulitsa kuwiri kapena kutatu nkokwanira.

Ayambe ndi khosi. Apeze kachingwe ka mendulo, akatsate ndi maso monga mlenje atsata mapazi a gwape. Kachingwe koona katsika mbali zonse ziwiri za khosi, nikakomana pachifuwa kapena kulowa pansi pa chobvala. Pa chithunzi chosinthidwa kaoneka pamwamba, pomwe makina sanakhudze, ndipo kafika pa malire a chigamba kangotha, monga njira yothera m'dziwe. Pena kaoneka mbali imodzi yokha. Kenaka apenye khungu. Mai wolima ndi wogulitsa padzuwa ali ndi khosi ndi nkhope zodera, zokhala ndi timizere ndi thukuta. Mapewa amene anali obisika m'bulauzi makina sanawaone, chotero awapeka: khungu lache lituluka losalala ngati sopo, lopanda kachipsera ngakhale kamodzi, ndipo mtundu wache usintha mwadzidzidzi pa mzere womwe panali kolala yakale. Nthawi zina kachidutswa ka kolala yakaleyo katsalira m'mbali mwa khosi, ka mtundu wosagwirizana ndi diresi latsopano. Chikakhala chobvala cha mwamuna, afanizire nsonga ziwiri za kolala ngati zilingana, awerenge mabatani ngati atsika mu mzere umodzi, ndipo aone ngati tayi ituluka pansi pa kolala kapena yangomera pa nsaru.

Atatha khosi apite ku manja. Maiyo anagwira beseni patsogolo pa bulauzi, ndiye kuti zala zache zinali mkati mwa malo ofafanizidwa. Makina akafika apa achita chimodzi mwa ziwiri. Akayesa kusunga manja akale, adula mozungulira zala, ndipo pakati pa chala ndi chinzache patsala timadontho ta nsaru yakale, kapena m'mbali mwa dzanja mukhala mzere wakuthwa ngati podula ndi lumo. Akajambula manja atsopano, zala zimamatirana, china chitalika koposa, zikhadabo zisowa, mphete ya ukwati izimirira kapena ilowa m'mnofu. Ankhoswe awerenge zala, inde. Koma koposa afunse funso ili: kodi dzanja ili lagwiradi beseni? Mlomo wa beseni uyenera kulowa pansi pa zala ndi kutulukira mbali inayo pa mzere womwewo. Ukapindika, ukaduka, kapena zala zikafumbata mphepo, pamenepo pali msoko. Apenyenso pa mfundo ya dzanja, pomwe panathera dzanja la bulauzi: dzanja lenileni lilumikizidwa ndi mkono wopeka, ndipo kawirikawiri kunenepa kwache sikulingana.

Malo achitatu ndi tsitsi. Tsitsi ndi tinthu tating'ono tambirimbiri, ndipo kulemba malire mozungulira liri lonse nkobvuta. Duku limangidwa kumbuyo, nsonga zache zigwera paphewa. Malukidwe atali nawonso agwera pomwepo. Pa chithunzi choona nsongazo zigona pamwamba pa chobvala ndi kuponya kamthunzi pansi pache. Pa chosinthidwa zidulidwa mowongoka pa phewa, kapena zisungunukira m'khungu, kapena chingwe chimodzi cha tsitsi chilowa pansi pa lamba wa diresi osatulukanso. Penanso pakati pa khutu ndi phewa paoneka kachifunga, ndipo zinthu za kumbuyo, monga mtengo wa benchi kapena mzere wa njerwa, zikhota pofika pafupi ndi thupi. Chifukwa chache nchakuti chobvala chatsopano nchochepa kuposa chakale, ndipo makina anapeka zodzaza pa mpata wotsalawo.

Zizindikiro zomwezi zinaulula chithunzi chimene ambiri a inu munachiona. M'mwezi wa Marichi 2023 dziko lonse linadabwa ndi Papa Fransisko atabvala chijekete choyera chotukumuka. Chimenecho sichinasinthidwe chobvala chokha, chinapekedwa chonse ndi makina ochedwa Midjourney, koma zolakwa zinali pa malo omwewa. Mtanda wa pachifuwa unalendewera pa unyolo wa mbali imodzi, mbali inayo kulibe. Zala sizinagwire bwino kapu imene inali m'dzanja. Galasi la m'maso linasakanikirana ndi chikope. Anthu ambiri anakhulupirira chifukwa anayang'ana chijekete osayang'ana m'mphepete mwache. Papa mwini, m'kalata yache ya pa 24 Januwale 2024 ya tsiku la zofalitsa mauthenga, anakumbutsa kuti iyenso zithunzi zonama zinamgwera. Anamwalira pa 21 Epulo 2025.

Koma apa tichenjezane, kuti tingaweruze molakwa mbali inayo. Choyamba, chithunzi choona nachonso chikhoza kuoneka choipa. Chikatumizidwa pa WhatsApp chifinyidwa kuti chipepuke, ndipo chikadzera m'lamya zambiri, kapena wina akachijambulanso pa galasi la lamya, m'mphepete mwa zinthu mubadwa kachifunga. Kusiyana kwache nkuku: kachifunga ka kufinya kagwa pa chithunzi chonse mofanana, pa nkhope, pa manachesi, pa mitengo, ka chigamba kasonkhana mozungulira chobvala, pamene kwina kuli koyera. Ndiponso lamya zina pojambula zichititsa dala khungu zinthu za kumbuyo kwa munthu, ndipo potero zidya nsonga za tsitsi ngakhale palibe chinyengo. Dzanja loyenda pa nthawi yojambula nalonso lituluka losaoneka bwino. Nchifukwa chache chizindikiro chimodzi sichikwanira. Zikapezeka ziwiri kapena zitatu, pakhosi, pa manja ndi pa tsitsi, zonse zotsata malire a chobvala, pamenepo nenani kuti chithunzichi chakhudzidwa.

Chachiwiri, ndipo nchachikulu: kusapeza msoko sikutsimikiza kuti chithunzi nchoona. Makina a chaka cha 2023 ankalephera zala kawirikawiri. A masiku ano ambiri azijambula zisanu bwinobwino, ndipo ena ajambulanso chithunzi chonse mwatsopano kotero kuti msoko usowa. Otero asiya chizindikiro china: nkhope isintha pang'ono, kachipsera ka patsaya kafafanizika, mpata wa mano utsekeka, malemba a pa chikwangwani cha kumbuyo asokonezeka. Izi mbale wa maiyo adzaziona msanga koposa mlendo, chotero muitaneni apenye nao.

Chotsalira ankhoswe ndi kufuna umboni wa kunja kwa chithunzi. Afunse wotumizayo kuti anachitenga kwa yani, anajambula ndani, tsiku liti. Apemphe kuti achitumizenso osafinya, posankha mau akuti Document pa WhatsApp, ndiponso atumize zithunzi zina za tsiku lomwelo, pakuti wojambula weniweni sakhala ndi chimodzi chokha. Afunse maiyo ngati asunga chithunzi chache cha pamsika. Chikapezeka, aziike ziwirizo pambali ndi pambali: mutu ukapendekera mofanana, manachesi akaunjikana mofanana, anthu a kumbuyo akaima pomwepomwepo, koma zobvala nzosiyana, ndiye kuti chimodzi chabadwa kwa chinzache. Ndipo chimene kachingwe kache ka mendulo kali kathunthu ndicho chikhala mai wa chinzachecho.

Mlandu ukatsimikizika, wolakwiridwa akhoza kukadandaula kwa mfumu kapena ku polisi, pakuti m'Malawi muli lamulo la chaka cha 2016 loletsa kuzunza munthu ndi makina otumizira mauthenga. Asafafanize chithunzicho ndi mau amene chinabwera nao, popeza ndiwo umboni wache. Ndipo inu amene chithunzi chotere chakufikani, musachipititse kwa wina pamene simunachipenye. Amene asenza bodza la mnzache alisandutsa lachenso.

Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Khosi, manja, tsitsi: penyani pamenepo modekha, ndipo funsani mwini nkhope musanamange mlandu. Tsalani bwino kufikira mwezi wa mawa.